Bandulo ya usiku: kodi ndi yotchipadi? Kuwerengera mtengo wa megabaiti imodzi

Alimi anzanga, ambiri mwa inu tsopano mumagula bandulo ya intaneti kuti mulandire mauthenga a gulu pa WhatsApp, mufunse mitengo ya mbewu kumsika, kapena mutumize kwa alangizi chithunzi cha chimanga chomwe chadyedwa ndi mbozi. Mukalowa pamndandanda wa mabandulo, kaya pa Airtel kaya pa TNM, mumakumana ndi mitengo yambiri, ndipo maso amathamangira pa nambala yaikulu. Nthawi zina nambala yaikuluyo imakhala ndi gawo lomwe limagwira ntchito usiku wokha. Phunziro ili likuthandizani kuyerekeza bandulo yotere ndi inzake yomwe imagwira ntchito nthawi iliyonse, kuti mudziwe yomwe ikukomerani inuyo ndalama isanatuluke m'thumba.

Mitengo yomwe ili m'phunziroli ndi yophunzirira chabe. Makampani amasintha mitengo ndi maola a mabandulo awo kawirikawiri, choncho tsiku logula muone manambala omwe foni yanu ikuonetsa ndi kuwaika m'malo mwa awa. Njira yowerengera ndi yomweyo.

Muyeso wa deta

Chomwe mumagula mu bandulo chimatchedwa deta, ndipo muyeso wake ndi megabaiti. Pafoni amalemba MB. Mamegabaiti akachuluka amatchedwa gigabaiti, yomwe amalemba GB. Gigabaiti imodzi ndi mamegabaiti 1,024, ngakhale ena amawerengera 1,000. Pa masamu athuwa mutha kutenga 1,000, bola mutenge nambala yomweyo pa mabandulo onse awiri. Bandulo ina ikalembedwa mu GB pamene inzake yalembedwa mu MB, yambani mwasintha zonse zikhale mu MB, monga momwe simungayerekezere mtengo wa thumba ndi wa ndowa musanadziwe makilogalamu omwe ali mu chilichonse.

Mtengo wa megabaiti imodzi umapezeka pogawa ndalama zomwe mwalipira ndi chiwerengero cha mamegabaiti. Tiyeni titenge mabandulo awiri, onse a masiku 7.

Bandulo yoyamba ndi ya K2,000. Ili ndi 1,000 MB zomwe mungagwiritse ntchito nthawi iliyonse, usana ndi usiku.

Bandulo yachiwiri ndi ya K2,500. Ili ndi 2,500 MB, koma mwa izi 600 MB zokha ndi za nthawi iliyonse. Zotsalazo, 1,900 MB, zimagwira kuyambira 11 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa.

Tikagawa momwe zalembedweramu, yoyamba ndi 2,000 ÷ 1,000, zomwe zikutipatsa K2 pa megabaiti. Yachiwiri ndi 2,500 ÷ 2,500, zomwe ndi K1 pa megabaiti. Pamenepa aliyense anganene kuti yachiwiri ndi yotchipa ndi theka, kungoonjezera K500 yokha. Masamuwo sanalakwike. Vuto ndi loti akuwerengera deta yonse ngati kuti mudzaimaliza, kuphatikizapo ya maola omwe mlimi amene waweruka kumunda amakhala ali m'tulo.

Werengani zomwe zamera

Pasukulu yathu tinaphunzira kuyesa kameredwe ka mbewu: kudzala njere 100 ndi kuwerenga zomwe zamera. Mbewu yotchipa yomwe zamera 40 zokha mwa 100 imakhala yodula kuposa ya mtengo wokwera yomwe zamera 95, chifukwa ndalama zanu zimabwera kudzera mu mapesi omwe aima m'munda. Deta ilinso chimodzimodzi. Megabaiti yomwe yatha masiku musanaigwiritse ntchito ili ngati njere yomwe yaolera m'nthaka. Munailipira, koma simunapezepo kanthu.

Choncho pogawa, m'munsi muike mamegabaiti omwe mudzagwiritsedi ntchito masiku a bandulo asanathe, osati omwe alembedwa pamndandanda.

Tiyeseni pa bandulo yachiwiri ija. Ngati mwamaliza 600 MB za masana koma simunadzukepo usiku ngakhale kamodzi, masamu ndi 2,500 ÷ 600, zomwe ndi K4.17 pa megabaiti. Bandulo yomwe imaoneka yotchipa ndi theka yasanduka yodula kupitirira kawiri. Mukagwiritsa ntchito 400 MB za usiku, zonse pamodzi zimakhala 1,000 MB ndipo mtengo umatsika kufika pa K2.50, koma ukadali pamwamba pa K2 ya bandulo yoyamba.

Ndiye funso lenileni ndi lakuti, kodi muyenera kugwiritsa ntchito deta ya usiku yochuluka bwanji kuti mabandulo awiriwa afanane? Tengani mtengo wa bandulo yachiwiri, muugawe ndi mtengo wa megabaiti imodzi wa bandulo yoyamba: 2,500 ÷ 2 = 1,250. Izi zikutanthauza kuti pa bandulo yachiwiri muyenera kumaliza 1,250 MB kuti mufike pa K2. Chotsanipo 600 MB za masana, kutsala 650 MB. Nambala iyi ndiyo malire. Mukadziwa kuti pa sabata simungafike 650 MB pakati pa 11 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa, bandulo yachiwiri isiyeni. Mukapitirira 650 MB, yayamba kukukomerani, ndipo mtengo umanka nutsika pamene mukuyandikira 1,900 MB. Kumbukiraninso kuti malirewa akuganizira kuti 600 MB za masana mwazimaliza. Ngati masana mumagwiritsa ntchito 500 MB zokha, malire a usiku amakwera kufika pa 750 MB.

Pali msampha wina pano womwe ndikufuna muuone bwino. Munthu atha kudzuka pakati pa usiku n'kumaonera mavidiyo a nthabwala mpaka tambala woyamba, kuti deta ya usiku isatayike. Pakabuku mtengo wa megabaiti udzatsikadi, mwina mpaka K1. Koma m'thumba mwatuluka K2,500 m'malo mwa K2,000, ndipo m'mawa khasu likulemera chifukwa cha tulo. Deta ya usiku yoyenera kuiwerengera ndi yokhayo yomwe yagwira ntchito imene mukanailipira ndithu ngakhale pakanapanda bandulo ya usiku. Kaya ndi vidiyo yophunzitsa kapangidwe ka manyowa a Mbeya, kaya ndi nyimbo za kwaya zomwe mumazifuna kale, zimenezo ziwerengedwe. Zongomalizira deta zisalowe m'masamu.

Ntchito zomwe zingadikire usiku ndi zomwe sizingadikire

Kuti mudziwe ngati mungafike pamalire aja, gawani zomwe mumachita pafoni m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la ntchito zomwe zili ndi nthawi yake. Wogula nyemba akakulemberani m'mawa kufunsa ngati muli ndi matumba asanu, simungamuyankhe pakati pa usiku, chifukwa adzakhala atagula kwina. Chithunzi cha mbozi chomwe mwajambula m'munda chiyenera kufika kwa alangizi tsiku lomwelo ali maso. Uthenga wa zanyengo, kuimbirana ndi mwana amene ali kutauni kapena ku Joni, zokambirana za gulu, zonsezi ndi za masana ndi madzulo. Dziwani kuti madzulo a 7 kapena 8 koloko, ngakhale kunja kuli mdima, kwa kampani ya foni si usiku ayi. Ola lomwe ambiri mumagwira foni mutatha kudya limadya deta ya masana.

Ubwino wake ndi woti ntchito zambiri za gulu loyambali sizidya deta yambiri. Uthenga wolemba umadya pang'ono kwambiri. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse kawirikawiri sichikwana megabaiti imodzi, chimodzimodzinso uthenga wa mawu wa mphindi imodzi. Zomwe zimamaliza deta ndi mavidiyo, kuimbirana moonana nkhope, ndi kuyendayenda pa Facebook kapena TikTok komwe mavidiyo amayamba okha.

Gulu lachiwiri ndi la zinthu zazikulu zomwe zingadikire: kutsitsa mavidiyo kuti akhale m'foni, komwe ambiri timati kudawuniloda, kutsitsa mabuku ndi nyimbo, komanso kukonzanso mapulogalamu a m'foni akafuna kusinthidwa. Izi zokha ndi zomwe mungazisamutsire ku usiku. Vidiyo yomwe yatsitsidwa usiku mutha kuionera masana kangapo konse popanda kudya deta, ndipo mutha kugawira anzanu kudzera pa Bluetooth kapena pa memole khadi.

Musangoganizira kuti mumadya deta yochuluka bwanji. Yesani, monga timayesera zinthu m'munda wathu wophunzirira. Kwa sabata imodzi, funsani deta yotsala kawiri pa tsiku, podzuka ndi pogona, n'kulemba m'kabuku. Kusiyana kwa nambala ya m'mawa ndi ya pogona ndiyo deta ya tsikulo. Pambali pake lembani ngati munatsitsa chinthu chachikulu chomwe chikanatha kudikira, ndi kukula kwake, poti WhatsApp imaonetsa ma MB a vidiyo musanaitsitse. Pa mafoni a Android mulinso malo mu Settings otchedwa Data usage, omwe amaonetsa pulogalamu iliyonse ndi deta yomwe yadya. Malowa amasiyana kapezedwe kake malinga ndi mtundu wa foni, koma achinyamata a m'gulu angakuthandizeni kuwapeza.

Anthu awiri, mabandulo omwewo

Tiyerekeze kuti mlembi wa gulu wayesa kwa sabata, ndipo wapeza kuti amagwiritsa ntchito 900 MB. Mwa izi, 750 MB ndi za masana ndi madzulo: kuitana anthu kumisonkhano, kutumiza zithunzi za kaundula, kulankhula ndi ogula, ndi kucheza ndi abale. Zomwe angasamutsire ku usiku ndi 150 MB zokha.

Akagula bandulo yoyamba, alipira K2,000 ndipo 1,000 MB zimukwanira, n'kutsalako 100 MB zomwe zidzapita ndi masiku. Mtengo wake weniweni ndi 2,000 ÷ 900, zomwe ndi K2.22 pa megabaiti. Taonani kuti ngakhale bandulo ya nthawi iliyonse siifika pa K2 ngati simunaimalize. Lamulo la kuwerenga zomera limagwira mbali zonse ziwiri.

Akagula yachiwiri, 600 MB za masana zitha sabata isanathe, chakumapeto kwa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Pofunsa deta yotsala, foni imuuza kuti ali ndi zoposa 1,700 MB, koma uthenga wa masana sukupita, chifukwa zonsezo ndi za usiku. Kuti amalize sabata akusowa 150 MB, ndiye agula kabandulo kena, tinene ka K500. Zonse pamodzi walipira K3,000, ndipo 3,000 ÷ 900 ndi K3.33 pa megabaiti. Kwa mlembiyu bandulo yoyamba yapambana ndi K1,000 pa sabata. Pa masabata anayi ndi K4,000, ndalama yogulira mabandulo ena awiri athunthu.

Tsopano titenge mlimi wotsogolera amene amatsitsa mavidiyo ophunzitsa kuti akaonetse anzake pa tsiku la sukulu. Masana amagwiritsa ntchito 500 MB. Sabata ino akufuna kutsitsa mavidiyo okwana 1,300 MB. Zonse ndi 1,800 MB. Pa bandulo yoyamba, imodzi simukwanira, ayenera kugula ziwiri, K4,000. Mtengo wake ndi 4,000 ÷ 1,800, zomwe ndi K2.22. Pa bandulo yachiwiri alipira K2,500 basi, poti 500 MB zikulowa mu 600 za masana ndipo 1,300 MB zikulowa mu 1,900 za usiku. Masamu ndi 2,500 ÷ 1,800, zomwe ndi K1.39 pa megabaiti. Wapulumutsa K1,500, ngakhale 700 MB zatsala osazikhudza. Kutsala kwa deta pakokha sikutanthauza kuti mwaluza. Chofunika ndi ndalama zomwe mwalipira pa ntchito yomwe mumafuna.

Koma phindu la mlimi wotsogolerayu laima pa chinthu chimodzi: adzukedi, ndipo foni igwiredi ntchito usikuwo. Ngati tulo tamugonjetsa n'kutsitsa 400 MB zokha, wagwiritsa ntchito 900 MB pa K2,500, zomwe ndi K2.78 pa megabaiti, pamene bandulo imodzi ya K2,000 ikanamukwanira pa ntchito yomweyo. Ndiponso si sabata iliyonse yomwe amakhala ndi mavidiyo ochuluka chotere. Maganizo anga ndi oti munthu wotere asazolowere bandulo imodzi. Azisonkhanitsa mavidiyo omwe akufuna, mwina kwa mwezi wonse, n'kugula bandulo ya usiku sabata imodzi yokha yotsitsira. Masabata enawo agule ya nthawi iliyonse yolingana ndi ntchito yake ya masana.

Zomwe zimasokoneza deta ya usiku kumudzi kuno

Choyamba ndi moto wa foni. Ambiri timatchajitsa pa sola masana kapena pa malo olipira kumsika, ndipo pofika 11 koloko usiku batire limakhala litatsika. Kutsitsa mavidiyo kumadya moto, makamaka komwe netiweki ndi yofooka chifukwa foni imalimbana kuti igwire. Ngati mwaganiza zotsitsa usiku, tchajani foni idzaze madzulo ndipo musaiseweretse.

Chachiwiri ndi malo omwe netiweki imagwira. Nthawi zambiri intaneti imathamangako usiku poti ogwiritsa ntchito amakhala ochepa. Koma ngati kwanu netiweki mumaipeza mukakwera pachulu kapena mukapita kumsewu, dzifunseni ngati mungapiteko 1 koloko usiku, nthawi ya mvula, udzudzu uli ponseponse. Ngati m'nyumba mwanu foni imaonetsa E pamwamba m'malo mwa 3G, H kapena 4G, ndiye kuti intaneti ndi yochedwa kwambiri, ndipo 1,000 MB simungazitsitse usiku umodzi. Yesani kaye ndi vidiyo imodzi yaing'ono muli pomwe mumagona, musanagule bandulo yaikulu.

Chachitatu ndi maola. Werengani bwino ola loyambira ndi lothera, poti makampani ndi mabandulo amasiyana. Mukayamba kutsitsa 10:45 pamene bandulo imayamba 11 koloko, mphindi 15 zoyambazo zikudya deta ya masana. Choopsa kwambiri ndi kuyambitsa vidiyo yaikulu n'kugona. Ikachedwa n'kupitirira 5 koloko, foni siima. Imapitiriza pa deta ya masana, ndipo ikatha imeneyo itha kuyamba kudya mayunitsi omwe munasungira kuimba, pa mtengo wokwera kuposa wa bandulo, ngati nambala yanu imalola zimenezo. Chizindikiro chake ndi kudzuka m'mawa n'kupeza deta ya masana kapena mayunitsi zitachepa pamene simunagwire foni. Tcherani alamu kutatsala theka la ola kuti nthawi ithe, muone pomwe zafika, ndipo muzimitse deta.

Onaninso malo osungira zinthu m'foni. Mafoni ambiri otsika mtengo amadzaza msanga, ndipo vidiyo imatha kulephera itatsala pang'ono kumalizika. Deta yomwe yadyedwa pamenepo sibwerera.

Pomaliza pa gawo ili, tsekani khomo lomwe deta ya masana imathawira. WhatsApp itha kumatsitsa yokha zithunzi ndi mavidiyo omwe anthu atumiza m'magulu. Lowani mu Settings, kenako Storage and data, ndipo pa mawu akuti When using mobile data chotsani chizindikiro pa Videos, Audio ndi Documents. Mukatero vidiyo imadikira mpaka inu muidine nokha, ndipo mutha kuisiyira usiku kapena kuisiya osaitsitsa n'komwe. Kusintha kumeneku kukachepetsa deta yanu ya masana kufika pansi pa 600 MB, bwerezani masamu, chifukwa yankho litha kusintha. Mwinanso mupeza kuti kabandulo kakang'ono kuposa onse awiriwa kakukwanirani.

Ngati masiku a mabandulo ndi osiyana

M'chitsanzo chathu onse ndi a masiku 7. Mukakumana ndi ina ya sabata ndi ina ya mwezi, ziikeni pa nthawi yofanana musanagawe. Werengerani ndalama zonse zomwe mungalipire pa masiku 30 pa njira iliyonse, kuphatikizapo timabandulo toonjezera, ndi kuzigawa ndi deta yomwe mumagwiritsa ntchito pa masiku 30. Bandulo ya usiku ya tsiku limodzi imakupatsani usiku umodzi wokha, choncho mukagona kapena netiweki ikavuta, ndalama yonse yapita. Ya masiku 7 imakupatsani mpata woyesanso mawa.

Ntchito ya m'magulu

Khalani m'magulu a anthu asanu, gulu lililonse likhale ndi foni imodzi ndi kabuku. Tsegulani mndandanda wa mabandulo osagula kanthu, ndipo musankhe awiri a mtengo woyandikana: ina ya nthawi iliyonse, ina yokhala ndi gawo la usiku. Ngati kampani yanu ikugulitsa bandulo ya usiku payokha, iphatikizeni ndi kabandulo ka masana, muonkhetse mitengo yake, ndipo muziwerengere ngati bandulo imodzi. Lembani mtengo, ma MB a masana, ma MB a usiku, ola loyambira ndi lothera, ndi masiku ake. Pezani mtengo wa megabaiti imodzi momwe zalembedwera, kenako mtengo wake ngati deta ya usiku sinakhudzidwe n'komwe, kenako malire a usiku monga tinapezera 650 MB ija.

Kunyumba, aliyense amene ali ndi foni ya intaneti alembe deta yotsala podzuka ndi pogona kwa masiku 7. Pa tsiku la sukulu likubwerali mubwere ndi kabukuko pamodzi ndi manambala awiri: deta ya ntchito zosadikira, ndi deta ya zomwe zingadikire usiku. Tidzawerengera limodzi pa bolodi tikamaliza kuyendera munda.